Sewero la makadi 21: chifukwa chiyani khadi limakathera pa nambala 11?

Nambewe_wakuDedza

Moni nonse pagulu pano. Pa tchuthi chapitachi mdzukulu wanga anandionetsa sewero la makadi lomwe landisowetsa mtendere mpaka lero. Anatenga makadi 21, nandiuza kuti ndisankhe limodzi mumtima osamuuza, kenaka anawagawa m'milu itatu katatu konse, ndipo ulendo uliwonse ankangondifunsa kuti khadi langa lili mu mulu uti. Pamapeto pake anawerenga makadi mpaka la nambala 11, nalitembenuza, ndipo linali langa ndithu. Iye atabwerera kusukulu ndinayesa kuchitira ana a pakhomo pano, koma ndalephera maulendo anayi onse ngakhale ndikuona ngati ndikutsatira zonse zimene iye ankachita. Ndikupempha amene akulidziwa bwino andifotokozere ndondomeko yake, komanso chimene chimachititsa kuti khadilo lifike pamenepo, chifukwa sindikhulupirira kuti mwanayo ali ndi maso oposa anga.

Chisale77

Mayi, anthu ochita zimenezi amaloweza makadi onse amene ali mu mulu womwe mwaloza, kenaka amaona khadi lomwe likubwerezabwereza m'milu yonse itatu. Pamafunika mutu wogwira zinthu msanga.

MphunzitsiWakale

A Chisale, njira imene mwanenayo ingathandize ndithu, pakuti pali khadi limodzi lokha lomwe limapezeka m'milu yonse itatu yolozedwa, koma si mmene seweroli limayendera, ndipo wochita wake safunika kuloweza kanthu. Akhoza kulichita atamangidwa nsalu kumaso, bola wina amuuze mulu wolozedwa. Ndifotokoze kaye ndondomeko, masamu ake abwere pambuyo.

Werengani makadi 21 ndipo mulole munthuyo awasakanize mmene angafunire. Gwirani makadiwo m'dzanja chovundikira, ndipo muzitenga lapamwamba, kulitembenuza kuti ligone chagada, n'kuliika pamphasa kapena patebulo. Khadi loyamba lipite kumanzere, lachiwiri pakati, lachitatu kumanja, lachinayi libwerere kumanzere, lachisanu pakati, lachisanu ndi chimodzi kumanja, motero mpaka onse atha. Mukatero mukhala ndi milu itatu, uliwonse wa makadi 7. Ndi bwino kuwasanjikiza motsetsereka kuti ngodya ya khadi lililonse izioneka. Munthuyo asankhe khadi limodzi mumtima, ndipo akuuzeni mulu wokha umene lili.

Tsopano sonkhanitsani milu ija mosasokoneza makadi a m'kati mwa mulu uliwonse, ndipo mulu wolozedwawo muuike pakati pa iwiri inayo. Zilibe kanthu kuti mwa iwiri yotsalayo ndi uti wapita pamwamba. Vundikirani makadi onse m'dzanja, gawaninso chimodzimodzi, funsaninso, ikaninso mulu wolozedwa pakati. Chitani zimenezi kachitatu. Mukasonkhanitsa ulendo wachitatuwo, werengani kuchokera pamwamba, ndipo khadi la nambala 11 ndilo la munthuyo.

Mayi Nambewe, ndisanapitirire, tandiuzani mmene inu mumagawira makadiwo pansi.

Nambewe_wakuDedza

Zikomo aphunzitsi. Ine ndimawerenga makadi 7 n'kupanga mulu woyamba, kenaka 7 ena mulu wachiwiri, ndi 7 otsalawo mulu wachitatu. Ndinkaganiza kuti ndi chimodzimodzi, popeza milu imakhalabe itatu yofanana.

MphunzitsiWakale

Vuto lanu lagona pomwepo. Mukagawa makadi 7 nthawi imodzi, mulu womwe munauika pakati umangobwerera pansi uli wathunthu, makadi ake omwe aja ali limodzi, ndipo funso lachiwiri ndi lachitatu silikuuzani chatsopano chilichonse. Mukakumbukira bwino, mupeza kuti ana aja ankangoloza mulu wapakati pa ulendo wachiwiri ndi wachitatu womwe. Chimenecho ndicho chizindikiro chakuti kagawidwe kalakwika. Kugawa limodzilimodzi, kumanzere, pakati, kumanja, kumamwaza makadi 7 okayikitsa aja m'milu yonse itatu, ndipo n'chifukwa chake yankho lililonse latsopano limachepetsa makadi otsala.

Nambewe_wakuDedza

Ndi zoona, ankaloza wapakati nthawi zonse, ndipo ine ndinkayesa kuti zikuyenda bwino. Ndayesa tsopano lino ndi mtsikana wanga ndipo latuluka. Komabe sindinamvetse chifukwa chake ndi 11, osati 10 kapena 12.

MphunzitsiWakale

Tiyeni tilondole malo a khadilo tikuwerenga kuchokera pamwamba. Mukasonkhanitsa ulendo woyamba, pamwamba pali makadi 7 a mulu wina, ndiye mulu wolozedwa ukutenga malo oyambira 8 mpaka 14. Sitikudziwa kuti khadi lili pati mwa malo 7 amenewa, koma tikudziwa kuti kwina kulikonse kulibe.

Pogawa kachiwiri, makadi amatera m'mizere yopingasa ya atatuatatu. Makadi 1, 2 ndi 3 amakhala oyamba m'milu yawo, 4, 5 ndi 6 amakhala achiwiri, 7, 8 ndi 9 achitatu, 10, 11 ndi 12 achinayi, ndipo 13, 14 ndi 15 achisanu. Popeza khadi lathu linali pakati pa 8 ndi 14, mu mulu uliwonse umene lagwera liyenera kukhala lachitatu, lachinayi kapena lachisanu. Mulu umenewo ukalowanso pakati, pamwamba pake pabwera makadi 7, choncho khadi likhala pa 10, 11 kapena 12.

Tsopano yang'ananinso mizere ija. Makadi 10, 11 ndi 12 ndiwo mzere wachinayi wathunthu, limodzi kumanzere, lina pakati, lina kumanja. Munthu akaloza mulu kachitatu, ndiye kuti wakuuzani khadi lenilenilo, chifukwa ndi lachinayi mu mulu umenewo. Mukauika pakati, 7 kuphatikiza 4 ndi 11.

Tiyese ndi khadi limodzi. Tinene kuti munthu wasankha khadi lomwe poyamba linali la nambala 20 m'dzanja. Pogawa koyamba ligwera mu mulu wapakati ndipo likhala lomaliza, la nambala 7. Posonkhanitsa likhala pa 7 kuphatikiza 7, yomwe ndi 14. Pogawa kachiwiri, 14 agwera mu mzere wachisanu, mulu wapakati, ndipo posonkhanitsa likhala pa 12. Pogawa kachitatu, 12 ndi womaliza mu mzere wachinayi, mulu wakumanja, ndipo posonkhanitsa likhala pa 11. Tengani makadi m'manja, sankhani la nambala 20 mwadala, ndipo mulilondole ndi maso anu. Mukaona kamodzi kokha mmene likusunthira kuchoka pa 14 kupita pa 12 kenaka pa 11, simudzafunanso kufotokozeredwa.

Chisale77

Ndamva, ndipo ndavomera kuti kuloweza sikufunika. Ndiye kuti nambala iliyonse yogawika ndi 3 ikhoza kugwira ntchito, bola milu ikhale yofanana. Munthu atha kutenga makadi 24 kapena 30 n'kupeza lapakati chimodzimodzi.

Tiyamike_Zomba

Ayi achimwene, makadi 24 alibe lapakati.

Chisale77

Ngakhale alibe lapakati, khadi liyenera kukathera pamalo amodzi odziwika, kaya ndi 12 kaya 13. Ndingowerenga mpaka pamenepo.

Tiyamike_Zomba

Ndinaganizapo chimodzimodzi kale, ndipo ndinakhala pansi ndi pensulo kuti ndione. Ndi makadi 24 mulu uliwonse uli ndi 8, ndiye mukasonkhanitsa koyamba khadi lili pakati pa 9 ndi 16. Pogawa kachiwiri malo amenewa amagwera m'mizere yoyambira wachitatu mpaka wachisanu ndi chimodzi, ndipo mukawonjezera 8 mupeza kuti khadi lili pakati pa 11 ndi 14. Pogawa kachitatu, 11 ndi 12 amapita mu mzere wachinayi, pomwe 13 ndi 14 amapita mu mzere wachisanu, ndiye khadi likathera pa 12 kapena pa 13. Chovuta n'chakuti kubwereza sikuthandiza. Khadi la pa 12 limagwera mzere wachinayi n'kubwerera pa 12, ndipo la pa 13 limagwera mzere wachisanu n'kubwerera pa 13. Mukhoza kugawa mpaka dzuwa kulowa, koma mudzakhalabe ndi makadi awiri oti musankhepo. Choncho kugawika ndi 3 n'kofunikadi monga mwanenera, koma pafunikanso kuti makadi a mu mulu umodzi akhale nambala yosagawika ndi 2, monga 5, 7 kapena 9.

MphunzitsiWakale

A Tiyamike anena zoona, ndipo ndiwonjezere malire ena. Ndi makadi 15 khadi limathera pa 8, ndi makadi 27 limathera pa 14, ndipo onsewa amafuna maulendo atatu. Mukapitirira 27, maulendo atatu sakwananso. Chifukwa chake n'chakuti funso lililonse lili ndi mayankho atatu okha, ndiye mafunso atatu angathe kusiyanitsa zinthu zosapitirira 3 kuchulukitsa ndi 3 kuchulukitsanso ndi 3, yomwe ndi 27. Amene angayese ndi makadi 33 adzapeza kuti atagawa katatu khadi lili pa 16, 17 kapena 18, ndipo afunika ulendo wachinayi kuti likhazikike pa 17.

BamboAChikondi

Ine ndikufuna kufunsa zina pang'ono. Kwathu makadi sitiwalola m'nyumba chifukwa cha njuga, ndipo ndikuona kuti kuphunzitsa ana zimenezi n'kuwazoloweza kugwira makadi. Kodi palibe njira ina yophunzitsira masamu omwewa?

Tiyamike_Zomba

Ilipo bambo, chifukwa seweroli silidalira zojambula za pamakadi. Dulani katoni m'tizidutswa 21 tofanana, lembani mayina a maboma kapena a nyama pa kachidutswa kalikonse, ndipo zonse ziyenda chimodzimodzi. Chofunika n'chakuti pasakhale tiwiri tolembedwa zofanana, komanso kuti tikhale tolimba mokwanira kuti tisamamatirane pogawa. Mapepala a m'kope amavuta chifukwa awiri amatha kutuluka limodzi.

BamboAChikondi

Zikomo, katoni ndiipeza. Ndiyamba ndi tizidutswa 9 kuti ana aang'ono asatope, ngati zingatheke.

MphunzitsiWakale

Zingatheke, ndipo ndi poyambira pabwino kwambiri. Ndi tizidutswa 9 maulendo awiri okha ndi okwanira, ndipo chosankhidwacho chimathera pa nambala 5. Mwana amatha kuona yekha kuti titatu ta mulu wolozedwa tamwazika kamodzikamodzi m'milu yonse, ndipo akamvetsa pamenepo, za 21 zija sizimuvutanso.

Mwale_waKuJoni

Ine ndili ndi vuto lina. Ndimagawa limodzilimodzi monga mwanenera, ndipo nthawi zambiri limatuluka bwino, koma Lamulungu lapitali ndinachitira anzanga omwe ndimakhala nawo, ndipo khadi la mnzangayo linali la nambala 10, osati 11. Ndinawerenganso makadi, anali 21 ndithu. Ndinachita manyazi chifukwa ndinali nditalankhula motsimikiza kwambiri. Chinalakwika n'chiyani?

Chisale77

Mwina munatembenuza mulu posonkhanitsa, makadi n'kuyamba kuwerengedwa kuchokera pansi.

MphunzitsiWakale

Kutembenuka kwa ndondomeko ya makadi mu mulu sikuwononga sewero la 21, a Chisale, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe ana amalikwanitsira mosavuta. Mu mulu wa makadi 7, lachitatu likatembenuzidwa limakhala lachisanu, lachisanu limakhala lachitatu, ndipo lachinayi limakhalabe lachinayi. Malo 10, 11 ndi 12 amangosinthana okhaokha.

A Mwale, kuphonya ndi khadi limodzi kumeneku kukundionetsa kuti cholakwika chinachitika pa ulendo woyamba. Mwina mnzanuyo analoza mulu wolakwika, mwina anali asanatsimikize khadi lomwe akufuna n'kusintha maganizo pambuyo pake, kapena inuyo munaika mulu wake pamwamba mosazindikira. Tinene kuti khadi linatsala mu mulu wapamwamba, pamalo ena pakati pa 1 ndi 7. Pogawa kachiwiri likhala loyamba, lachiwiri kapena lachitatu mu mulu wake, ndipo posonkhanitsa likhala pa 8, 9 kapena 10. Pogawa kachitatu, 8 ndi 9 ali mu mzere wachitatu, ndiye likathera pa 10, monga zinakuchitikirani. Likanatsala mu mulu wapansi, kawirikawiri likanathera pa 12. Cholakwika chikachitika pa ulendo womaliza wokha, khadi limapita kutali, pa 4 kapena pa 18, kotero mtunda umene mwaphonya nawo umakuuzani pomwe panalakwika.

Mankhwala ake ndi osavuta. Mukakayika, gawaninso ulendo wachinayi. Khadi lomwe lili kale pa 11 limagwera mzere wachinayi n'kubwerera pa 11, ndiye simutaya kanthu, ndipo lomwe lili pa 10 kapena 12 limakokedwa kubwera pa 11. Maulendo atatu aliwonse otsatizana ochitidwa molondola amakonza zonse zimene zinalakwika m'mbuyo.

Mwale_waKuJoni

Ndakumbukira kuti mnzangayo anazengereza poloza koyamba, ndipo anayamba waloza kumanzere kenaka n'kunena kuti ndi pakati. Kuyambira lero ndidzayamba ndauza munthu kuti atsimikize khadi lake, ngakhale kulionetsa kwa wina, ndisanafunse za mulu.

Nambewe_wakuDedza

Ine chomwe chikundidetsa nkhawa tsopano n'chakuti ana ayamba kuzindikira kuti ndikuwerenga mpaka 11 nthawi zonse. Kodi pali njira yobisira mapeto ake?

Tiyamike_Zomba

Mawu akuti CHODABWITSA ali ndi zilembo 11. Muzitchula chilembo chimodzi pa khadi lililonse pamene mukuwaika pansi, ndipo khadi logwera pa A womaliza ndilo mutembenuze. Njira ina ndi yakuti musasonkhanitse n'komwe ulendo wachitatu. Munthu akangoloza mulu, inu mukudziwa kale kuti ndi khadi lachinayi mu mulu umenewo, ndiye liyang'aneni mwakachetechete, mupatseni makadi onse asakanize, kenaka mulitchule dzina.

MphunzitsiWakale

Njira yachiwiriyo ndi yabwino pa chisangalalo, koma kwa ana a pakhomo ine sindikanabisa. Mwana amene wazindikira kuti ndi 11 nthawi zonse wafika pamene akuyenera kufunsa chifukwa chake, ndipo ndi pomwe ndikanamupatsa makadi ndi pensulo.

Tiyamike_Zomba

Pamenepo sindikugwirizana nanu aphunzitsi. Ana ambiri akangodziwa kuti ndi kuwerenga chabe amataya chidwi nthawi yomweyo, ndipo safunsanso kalikonse. Ine ndimawasiya masiku angapo akuvutika nalo, ndipo amene wabweranso yekha kudzafunsa ndi amene ndimamufotokozera.

Kalulu_wa_Masamu

Kwa amene akufuna kuti nambala yomaliza isamakhale imodzimodzi, pali mtundu wa makadi 27 umene katswiri wa masamu wa ku Falansa, Joseph Gergonne, anaufufuza cha m'ma 1813. M'seweroli munthu amasankha khadi, amatchulanso nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 27, ndipo khadi lake limakathera pa nambala imeneyo. Kagawidwe ndi komwe kaja, koma mulu wolozedwa suikidwa pakati nthawi zonse.

Tinene kuti watchula 20. Ndiye kuti pamwamba pa khadi lake payenera kukhala makadi 19. Funsani kuti mu 19 muli ma 9 angati: ndi awiri, ndipo patsala 1. Mu 1 wotsalayo muli ma 3 angati: mulibe, ndipo 1 watsalabe. Mwapeza manambala atatu, ndipo muwagwiritse ntchito kuyambira kumapeto: 1 pa ulendo woyamba, 0 pa ulendo wachiwiri, 2 pa ulendo wachitatu. Nambala iliyonse ikukuuzani kuchuluka kwa milu yoyenera kukhala pamwamba pa mulu wolozedwa makadi akavundikiridwa m'dzanja, kotero 0 ndi pamwamba, 1 ndi pakati, 2 ndi pansi.

Tilondole. Mulu uliwonse uli ndi makadi 9. Ulendo woyamba mwauika pakati, khadi lili pakati pa 10 ndi 18. Pogawa kachiwiri ligwera mu mzere wachinayi, wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi, ndipo popeza mulu wapita pamwamba, lili pa 4, 5 kapena 6. Pogawa kachitatu malo onse atatuwa ndi mzere wachiwiri, ndipo mulu ukapita pansi pa makadi 18, khadi likhala pa 20.

Mwale_waKuJoni

Ndayesa kawiri ndi nambala 20 yomweyo, pakati, pamwamba, pansi, koma maulendo onse awiri khadi latuluka pa 26. Mwina pali cholakwika m'masamu anuwo.

Kalulu_wa_Masamu

Masamu ali bwino achimwene, koma 26 ameneyo akundiuza mmene mukugwirira makadi. Ndikuganiza kuti mukuwagwira chagada m'dzanja, n'kumawaika pansi osawatembenuza, ndipo posonkhanitsa ndi powerenga simukuwavundikira. Mukatero khadi loyamba kugawidwa limatsala pansi pa mulu, ndipo ndondomeko imatembenuka ulendo uliwonse. Pa ulendo womaliza khadi lanu, lomwe linagawidwa lachiwiri mu mulu wa 9, limakhala la nambala 8 kuchokera pamwamba, ndipo 18 kuphatikiza 8 ndi 26. Aphunzitsi ananena kuti kutembenuka kumeneku sikuwononga sewero la 21, ndipo n'zoona, chifukwa kumeneko zonse zimachitikira pakati. Kuno kumawononga. Gwirani makadi chovundikira, tembenuzani lililonse pamene mukuliika pansi, ndipo mulu uliwonse muuvundikire musanauike m'dzanja, kuti loyamba kugawidwa likhale pamwamba.

Mwale_waKuJoni

Ndi momwemo, ndimawagwira chagada chiyambire. Ndasintha ndipo latuluka pa 20. Tsopano vuto ndi kuwerengera ma 9 ndi ma 3 aja m'mutu pamene anthu akundiyang'ana, chifukwa pa nambala 16 ndinaiwala kuchotsa 1 ndipo ndinaphonya ndi khadi limodzi.

Kalulu_wa_Masamu

Funsani nambalayo poyambirira penipeni, ndipo muwerengere pamene munthuyo akusakaniza makadi. Pa 16, makadi oyenera kukhala pamwamba ndi 15, momwe muli 9 mmodzi, ma 3 awiri, ndipo sipatsala kanthu, ndiye ndondomeko yake ndi pamwamba, pansi, pakati.

Nambewe_wakuDedza

La 27 ndiliyesa mdzukulu wanga akadzabwera, chifukwa pakali pano ndikufuna manja azolowere la 21 kaye. Ndadula tizidutswa 9 ta katoni monga ananenera a BamboAChikondi, ndipo mwana wa zaka 8 wa pakhomo pano wandifunsa chimene chingachitike tikapanga milu isanu m'malo mwa itatu. Sindinamuyankhe. A Tiyamike kapena aphunzitsi, kodi ndi makadi 25 m'milu isanu maulendo awiri angakwane?

Tiyamike_Zomba

Angakwane mayi, bola mulu wolozedwa ukhale wachitatu, milu iwiri pamwamba pake ndi iwiri pansi. Muuzeni mwanayo apeze yekha nambala yomwe khadi likathere, ndipo akaipeza mutiuze kuti wanena chiyani.